Kalata yokana buku: momwe mkonzi angailembere kuti wolemba atsale ndi pogwira

Mwawerenga nthano yaitali imene munthu anatumiza ku kampani yanu, ndipo mwatsimikiza kuti simuisindikiza. Chatsala n'kumuuza mwiniwake. Apa akonzi ena amangoti zii, mpaka wolembayo atatopa nako kuimba foni. Ena amalemba kalata yaulemu wosefukira, yodzaza ndi "mwayesetsa" ndi "tikuganizirabe", moti munthu akafika kumapeto sadziwa ngati wakanidwa kapena ayambe kuitanira abale ku mwambo wokhazikitsa buku. Kalata imene ndikufotokoza pano imakana poyera m'ndime yoyamba, kenako imapereka malangizo atatu amene wolemba angayambe kuwagwiritsa ntchito mawa lomwe, masamba ake ali patsogolo.

Kuti tisalankhule za m'malere, tiyerekeze kuti zolemba zafikazo n'za masamba 240, mitu 28. Wolemba ndi mayi, ndipo ili ndi buku lake loyamba. Nkhani ikuchitikira ku Dedza m'chaka cha 2005. Mayi wina anakwatiwa chitengwa, mwamuna wake anali ndi chigayo ndi nyumba ya malata, ndipo mwamunayo atamwalira, alamu ake akumulanda zonse n'kumuthamangitsa pamodzi ndi ana awiri. Chichewa chake n'chokoma, koma bukulo silinapse. Tiyenda nalo buku limeneli mpaka kalata itatha.

Choyamba, dziwani chimene mukukanira

Zifukwa zokanira buku zimachokera mbali ziwiri, ndipo si bwino kuzisakaniza. Zina n'za kampani yanu. Kuno ku Malawi msika waukulu wa mabuku ndi wa sukulu, ndipo nthano yaitali ya Chichewa imayenda malonda kwambiri ikasankhidwa kukhala buku lophunzira ku sekondale. Kampani yaing'ono ikhoza kukana buku labwino chabe chifukwa chaka chimenecho ilibe ndalama zosindikizira nthano, kapena chifukwa ili kale ndi lina la nkhani yofanana. Ngati chifukwa chanu n'chimenecho, nenani chomwecho, osayamba kusakasaka zolakwika kuti kukanako kuoneke koyenera. Wolemba amakhulupirira mkonzi, ndipo akhoza kukaphwasula buku limene linalibe vuto.

Zifukwa zina n'za zolembazo. Zimenezi ndi zimene zimafuna malangizo atatu aja.

Si zolemba zonse zoyenera kalata yotere. Imadya nthawi, ndipo simungailembe musanawerenge buku lonse. Ngati munalekera pa mutu wachitatu chifukwa munaoneratu kuti palibe chimene chingatuluke, tumizani kalata yaifupi yokana, ndipo musanenepo kanthu za mathero amene simunawaone. Wolemba amalidziwa buku lake ngati chikhatho chake. Mukamulangiza kuti awonjezere chinthu chimene chili kale pa tsamba 190, adziwa kuti simunafikeko, ndipo malangizo ena onse awataya.

Chachiwiri, werengani muli ndi pepala pambali

Powerenga musakonze kalikonse. Ingolembani pa pepala lina nambala ya tsamba ndi chimene chakuchitikirani inuyo monga wowerenga: apa ndatopa, apa ndasokonezeka kuti akulankhula ndani, apa sindinakhulupirire, apa ndaiwala kuti tiyi akuzizira. Malo omalizawa muwalembe mosamala, chifukwa muwafuna pofotokoza zimene zili bwino.

Mukatsiriza, yesani kuinena nkhani yonse m'chiganizo chimodzi: ndani akufuna chiyani, akumutchinga ndani, ndipo iye akuchitapo chiyani. Pa buku lathuli chiganizocho chikuyamba bwino: mayi wamasiye akufuna kubweza nyumba ndi chigayo zimene alamu ake alanda. Koma pofika pa "akuchitapo chiyani" cholembera chikuima, chifukwa mayiyo palibe chimene akuchita. Pamene chiganizo chakanira, nthawi zambiri ndi pamene pali vuto lalikulu la buku.

Pa pepala lanu paja mwina pali madandaulo makumi atatu. Tsopano asonkhanitseni m'magulu. "Ndatopa" wa pa tsamba 12, wa pa 30 ndi wa pa 55 ndi vuto limodzi: nkhani yachedwa kuyamba. "Sindinakhulupirire" wa pa tsamba 150 ndi wa pa 221 ndi limodzinso: zinthu zikungomugwera mpangankhani wamkulu. Posankha atatu oti alowe m'kalata, funso ndi lakuti, wolemba akakonza ichi, ndi zingati zina zimene zikonzeke zokha? Akadula masamba 70 oyambirira, zolakwika zonse za kalembedwe ka mawu zimene zili m'masamba amenewo zapita nawo limodzi. N'chifukwa chake kalembedwe ka mawu sikalowa m'gulu la atatuwo, ngakhale kuti ndi kamene kamayamba kulasa maso a mkonzi.

Atatu akukwana chifukwa munthu akhoza kuwasunga m'mutu pamene akulemba. Mukamupatsa khumi ndi awiri, asankha osavuta, akonza mipumiro ndi maina a midzi, n'kubweza buku lomwe lija.

Chachitatu, kanani m'ndime yoyamba

Iyi ndi kalata ya ntchito, choncho ikhale ndi keyala, tsiku, malonje ndi mutu wonena dzina la bukulo, ngakhale mukuitumiza pa imelo. Malonje akhale "Okondedwa Mayi" kapena "Okondedwa Bambo" ndi dzina la bambo awo, ndipo muwatchule kuti "inu" kalata yonse, ngakhale wolembayo atakhala mnyamata wa Fomu 4. Dzina la buku ndi la mwiniwake muone kawiri kuti mwalemba molondola.

Vuto lathu lili pa ulemu. Tinakula tikumva kuti mkulu sakanidwa pamaso, ndipo "tiona" ndi "pepani, panopa zavuta" timawamva bwino tikamacheza chifukwa nkhope ndi mawu zimathandiza. Pa pepala nkhope palibe. Munthu amene walemba buku zaka zingapo amawerenga kalata akufunafuna kampata ka chiyembekezo, ndipo mukasiya kampata, alowamo. Choncho ndime yoyamba ikhale motere:

"Zikomo potitumizira nthano yanu, komanso podikira nthawi yonseyi. Ndaiwerenga yonse, masamba 240. Ndikudziwitseni kuti sitiisindikiza. Chifukwa chake n'chakuti momwe ilili panopa, nkhani ikuchedwa kuyamba, ndipo mayi amene ndi mwini nkhani sakupatsidwa mpata wochitapo kanthu pa mavuto ake. M'munsimu ndafotokoza zinthu zitatu zimene ndikuona kuti zingalimbitse bukuli."

Taonani kuti mawu oti "sitiisindikiza" ali okhaokha m'chiganizo chake, opanda "mwina", opanda "pakadali pano". Mawu oti "pakadali pano" muwalembe pokhapokha ngati mukufunadi kudzaliwerenganso. Kupepesa kamodzi n'kokwanira, ndipo ngakhale osapepesa palibe mlandu, pakuti simunalakwire munthu. Musabisalenso kumbuyo kwa "akuluakulu a kampani" ngati amene mwaganiza ndinu. Wolemba akamva choncho amayamba kufufuza nambala ya akuluakuluwo.

Chachinayi, nenani chimene chili bwino, ndi tsamba lake

"Muli ndi luso" sathandiza aliyense. Wolemba akufunika kudziwa chimene asachikhudze pokonza, chifukwa munthu wokhumudwa amagwetsa ndi khoma lolimba lomwe. Bwererani ku pepala lanu, pamalo paja munaiwala tiyi:

"Mutu 9, pamene akusudzula mayiyu, ndi wamphamvu kwambiri. Palibe amene akukweza mawu, koma pamene apongozi akupempha makiyi a chigayo 'kuti angowasunga', wowerenga akudziwiratu kuti makiyiwo sabwerera. Mutu umenewu musausinthe. Ndiwo muyeso wa momwe buku lonse lingakhalire."

Ndime imodzi yakwana. Mukachulutsa matamando, wolemba adzafunsa kuti nanga mwakaniranji, ndipo adzakhala akulondola.

Chachisanu, malangizo atatu aja

Apa ndi pamene pali ntchito. Langizo lililonse likhale ndi zinthu zitatu: malo ake m'buku, chimene chikumuchitikira wowerenga pamalopo, ndi njira imodzi yoti wolemba ayese. Yambani ndi lalikulu, limene likusintha mamangidwe a buku, n'kutsirizira laling'ono. Ndipo lankhulani za masamba, osati za munthu. "Mutu 3 ukubwereza zimene mutu 2 wanena kale" munthu akhoza kukonza. "Mumakonda kubwerezabwereza" akhoza kungokwiya nazo.

Langizo loyamba pa buku lathuli ndi la poyambira. Mitu isanu ndi iwiri yoyambirira ikufotokoza kubadwa kwa mayiyu, sukulu yake, chibwenzi, chinkhoswe ndi ukwati. Mwamuna akumwalira pa tsamba 71. Olemba atsopano ambiri amatero chifukwa nthano za pamoto zimayambira pa chiyambi penipeni, komanso chifukwa iwo eni anafunika kulemba masamba amenewo kuti amudziwe munthu wawo. Koma wowerenga amene watola buku m'sitolo amapatsa wolemba masamba ochepa chabe. M'kalata mulembe chonchi:

"Nkhani yanu ikuyamba pa tsamba 71, pamene uthenga wa ngozi ukufika ku chigayo. Masamba 70 a m'mbuyo mwake akutiuza mbiri ya munthu amene sitinayambe kumudera nkhawa. Yesani kuyambira pa siwa, usiku umene alamu akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Pa mitu isanu ndi iwiri ija, dzifunseni kuti n'ziti zimene wowerenga sangamve nkhani popanda izo. Ine ndaonamo ziwiri: kuti malume ake a mayiyu anakana za chitengwa, ndi kuti ndalama zina zogulira chigayo zinachokera ku mbatata zimene mayiyu ankalima. Ziwirizi zikhoza kulowa m'tsogolo, pamene mkangano ukuzifuna."

Chimene chikupangitsa langizoli kugwira ndi ziwiri zimene mwapulumutsazo. Kungouza munthu kuti adule masamba 70 n'kumuuza kuti miyezi yake yapita pachabe. Mukamusonyeza zimene zitsale ndi kumene zipite, waona njira.

Langizo lachiwiri ndi lovuta kulinena, ndipo ndi limene likukanitsa bukuli. Kuyambira pamene wathamangitsidwa, mayiyu akungolira ndi kupemphera. Pa tsamba 150 abusa akumupezera nyumba. Pa tsamba 198 mlamu wankhanza uja akuwombedwa ndi mphenzi. Pa tsamba 221 mchimwene wake amene sanatchulidwepo m'buku lonse akutulukira kuchokera ku Joni ndi ndalama za loya, ndipo wilo ikupezeka m'Baibulo la malemu. Mavuto onse atha, koma palibe ndi limodzi lomwe limene walithetsa ndi mwini nkhani.

Samalani kuti langizoli lisamveke ngati mukunyoza chikhulupiriro cha wolemba. Pemphero si vuto. Vuto n'lakuti wowerenga akamaona kuti thandizo lizingogwa lokha, amasiya kuda nkhawa, ndipo akasiya kuda nkhawa amatseka buku. Muthanso kuyembekezera kuti wolemba ayankha kuti "koma zinachitikadi choncho kwa azakhali anga". Mwina zinachitikadi. Moyo umaloledwa kuchita mwangozi, koma nthano imafunika kukonzeratu wowerenga. Ndiye lembani motere:

"Kuyambira mutu 12 mpaka kumapeto, amene akusuntha nkhani ndi abusa, mphenzi ndi mchimwene wa ku Joni. Mayiyu akungolandira. Tengani pepala, mulembe mitu yonse m'munsi mwa inzake, ndipo pambali pa mutu uliwonse mulembe chimene mayiyu wasankha yekha ndi chimene chamutayitsa. Pamene pakhale popanda kanthu ndi pamene pakufunika ntchito. M'buku mwanu muli kale mphambano imene simunaigwiritse ntchito: pa tsamba 118 ankhoswe akumuuza kuti akapita kwa nyakwawa kapena ku khoti, ana ake sadzapondanso kwa bambo awo. Kodi apita, kapena akhala chete chifukwa cha anawo? Yankho ndi lanu, koma likhale lake la mayiyu, ndipo limuwawe. Mlamu uja nayenso mumupatse chifukwa chimene iye mwini akuchiona cholungama. Ngati anathandiza kumanga nyumbayo, kapena ngati ndi iye akulera ana a alongo ake, mkangano ukula, chifukwa mbali zonse zili ndi chonena."

Onani kuti m'ndimeyi mwafunsa funso, simunalembe mathero. Ichi ndi chiyeso chachikulu cha mkonzi, makamaka amene amalemba nayenso. Mukangoyamba kuti "mayiyu apite ku khoti ku boma, apambane, kenako atsegule golosale", mukulemba buku lanu ndi dzanja la wina. Wolemba womvera achita zomwezo mopanda mtima, ndipo buku lituluka lozizira. Wolemba wamakani akana zonse pamodzi ndi vuto lenileni limene munaliona molondola. Njira imene mukuloza ichokere m'masamba ake, monga tsamba 118 lija.

Langizo lachitatu ndi la mawu. M'bukuli aliyense akulankhula ngati mphunzitsi wa Chichewa. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akuuza mayi ake kuti "tilimbe mtima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha". Wapolisi, agogo ndi kondakitala wa minibasi onse akuponya miyambi mofanana. Anthu akakumana, malonje akulembedwa onse, kuyambira "mwadzuka bwanji" mpaka kufunsa za ana ndi mvula, ngakhale pamene palibe chobisika m'malonjemo. Ndipo pafupifupi mutu uliwonse ukutha ndi wofotokoza nkhani akutembenukira kwa owerenga kuwalangiza kuti kulanda chuma cha masiye n'koipa.

Zimenezi zikuoneka ngati mavuto atatu, koma gwero lake ndi limodzi: wolemba sakukhulupirira kuti nkhani yake ikhoza kudzilankhulira. Muzinene ngati langizo limodzi.

"Anthu anu onse akulankhula ndi pakamwa pamodzi. Tengani mutu 14, muphimbe maina a olankhula, wina akuwerengereni mokweza. Ngati simungadziwe kuti apa ndi mwana, apa ndi agogo, pakufunika kukonza. Miyambi isiyireni apongozi, amene akuigwiritsa ntchito ngati chida pofuna kutseka anzawo pakamwa. Ikakhala ya iwo okha, iluma. Malonje asungeni pamene akunyamula kanthu, monga pa tsamba 104 pamene mlamu akuyankha moni osayang'ana. Ndime zomaliza za mitu, zimene zikulangiza owerenga, yesani kuzichotsa zonse, muwerengenso. Mutu 9 ulibe ndime yotere, ndipo ndi umene ukuphunzitsa kwambiri."

Mwina wolemba anaika maphunzirowo dala, poganiza kuti buku la ku sukulu limafunika kutero. Ngati mukuganiza kuti ndi choncho, onjezani chiganizo chimodzi chomukumbutsa kuti ophunzira amafunsidwa kupeza okha mfundo zikuluzikulu za nkhani, ndipo buku limene lawayankhira kale silisiyira mphunzitsi chokambirana.

Chachisanu ndi chimodzi, zing'onozing'ono ndi khomo

Zotsala zija muziike m'ndime imodzi yaifupi, ndipo munene poyera kuti n'zochita pomaliza. Pa kalembedwe ka mawu, mulozereni ku malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1990 ndi ku Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies ku Zomba, m'malo momulembera mndandanda wa mawu olakwika. Zolakwika za mbiri zitchuleni ndi tsamba, chifukwa zimachotsa chikhulupiriro cha wowerenga msanga. M'buku lathuli, nkhani ya mu 2005, mlamu akutulutsa ndalama yapepala ya K2,000, pamene ndalama imeneyi inatuluka mu 2016. Nthawi imeneyo yaikulu inali K500, pakuti ngakhale K1,000 inabwera mu 2012. Loya nayenso akutchula lamulo la chuma cha masiye la 2011, zaka zisanu ndi chimodzi lisanakhalepo. Wolemba asankhe: asunthe chaka cha nkhani, kapena asinthe zinthuzo.

Kenako nenani za khomo, ngati lili lotseka kapena lotsegula. Pali njira ziwiri zokha zoona. Ngati simukufuna kudzalionanso bukuli, lembani kuti: "Malangizowa ndapereka kuti akuthandizeni kulikonse kumene mungalitumize bukuli. Ife sitidzaliwerenganso." Zikumveka zouma, koma zimamumasula munthu kuti akagogode kwina. Ngati mukufuna, lembani kuti: "Mukalikonza, ndidzakondwa kuliwerenganso. Ili si lonjezo lakuti tidzalisindikiza. Musafulumire, ntchito imeneyi ndi ya miyezi." Chiganizo chapakaticho musachisiye. Popanda icho, wolemba amatenga malangizo atatu aja ngati mgwirizano: ndikachita izi, asindikiza. Akadzabwera atachita zonse inu n'kukananso, adzati munamunamiza.

Nenaninso za zolemba zake. Olemba ambiri amaopa kuti nkhani yawo ibedwa, ndipo mantha amenewo amakula buku likakanidwa. Chiganizo chimodzi chimathetsa nkhawayo: umwini wa zolembazi ndi wanu, sitinapatse munthu wina kunja kwa kampani, ndipo mapepala anu mukhoza kudzatenga ku ofesi pofika tsiku lakuti. Ngati anatumiza pa kompyuta, nenani ngati mufufuta kapena musunga. Wofuna kudziwa zambiri za umwini mukhoza kumulozera ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, ndipo wofuna anzake omuwerengera, ku Malawi Writers Union.

Chinthu chimodzi chisalowe m'kalatayi: kutsatsa ntchito yanu yolipiritsa. Mukakana buku n'kunena m'munsi kuti mukhoza kulikonza pa mtengo wakuti, malangizo onse aja asanduka nyambo, ngakhale atakhala oona.

Tsekani ndi "Ine wanu," dzina lanu ndi udindo wanu. Kalata yonse isapitirire masamba awiri.

Musanatumize, ndi yankho likabwera

Igonetseni usiku umodzi. M'mawa muiwerenge ngati ndinu wolembayo, ndipo mufufuze zinthu zitatu. Kodi munthu wowerenga ndime yoyamba yokha adziwa kuti wakanidwa? Kodi manambala a masamba ndi olondola? Atsimikizeni ndi zolembazo, chifukwa nambala imodzi yolakwika imagwetsa ulemu wa kalata yonse. Kodi muli nthabwala? Ichotseni. Mphenzi ya pa tsamba 198 ikhoza kukusekesani mu ofesi, koma mwiniwake analemba tsamba limenelo ndi mtima wonse.

Tumizani pa imelo kapena pa positi. Ngati mumalumikizana naye pa WhatsApp, tumizani kalatayo ngati chikalata chomata, osati mauthenga oduladula, ndipo musakane buku ndi uthenga wa mawu. Munthu amafunika chinthu choti akachiwerengenso pakatha mwezi, mkwiyo utaphwa.

Mayankho amabwera amitundumitundu. Wothokoza muyankheni mwachidule. Wofunsa kuti mumveketse langizo lina muyankheni kamodzi, mokwanira, koma musasanduke mkonzi wake waulere wa mutu ndi mutu ngati kampani sinalitenge bukulo. Wokwiya, amene akuti simunaimvetse nkhani kapena kuti anzake onse anaikonda, musalimbane naye. Muuzeni kuti mwamva, kuti ganizo la kampani silisintha, ndi kuti ali ndi ufulu wotenga malangizo amene akuwaona othandiza n'kusiya enawo. Nthawi zina amene amabwera si wolemba koma mkulu wina womupepesera, mwina abusa kapena mnzanu wa kusukulu. Alandireni mwaulemu, koma za m'bukumo kambani ndi mwiniwake yekha.

Ngati munasiya khomo lotsegula ndipo buku labwerera patangotha sabata ziwiri, kawirikawiri ndiye kuti wakonza ndalama ya K2,000 ija ndi mipumiro basi. Simufunika kuwerenga masamba onse kuti mudziwe. Tsegulani tsamba loyamba muone ngati tili pa siwa kapena tikadali ku chipatala kumene mayiyu akubadwa. Kenako pitani kumapeto muone amene wabweza makiyi a chigayo. Ngati akadali mchimwene wa ku Joni, libwezeni ndi mizere iwiri yomulozera ku langizo lachiwiri, ndipo mumuuze mwezi umene mungadzalilandirenso.